Ndiwauze chiyani poyamba anthu a m'mbali mwa Nasolo mvula isanafike?

"Ndine wapampando wa komiti ya za ngozi zogwa mwadzidzidzi m'dera lathu ku Ndirande, m'mbali mwa mtsinje wa Nasolo. Amfumu andipatsa mphindi 20 pa msonkhano wa Loweruka kuti ndilankhule za kusefukira kwa madzi. Chaka chatha ndinalankhula zambiri, koma pofunsa anthu mawa lake palibe amene ankakumbukira choyamba ndi chiti, chachiwiri ndi chiti. Ndisanje bwanji?"

Zikomo amayi. Malangizo anu muwasanje potsata nthawi imene munthu adzawachite, kuyambira lero mpaka tsiku limene adzabwerere m'nyumba mwake, ndipo asapitirire asanu. Musawasanje potsata mitu ngati zaumoyo, zamagetsi, zaukhondo, monga amalembera malipoti a ku ofesi. Munthu amene wadzidzimuka 2 koloko usiku, magetsi atazima, madzi akulowa pansi pa chitseko, saganiza mitu. Amangofuna kudziwa chochita panopo ndi chotsatira chake. Asanuwo muwaike pa zala za dzanja limodzi, lililonse likhale mawu osapitirira awiri oyamba ndi chochita: dziwa njira, manga thumba, tchera khutu, zimitsa nyamuka, werenganani. Dzanja munthu amakhala nalo ngakhale mumdima, pamene pepala limanyowa.

Musanafike pa zalazo, mphindi ziwiri zoyamba muzigwiritse ntchito pofotokoza chinthu chimodzi chokha, chifukwa malangizo onse akuchokera pamenepo: madzi a mu Blantyre sadikira munthu. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje, Shire ndi Ruo amakwera kwa maola ambiri, nthawi zina masiku, ndipo uthenga wochokera kumtunda umatha kufika madzi asanafike. Kuno sizili choncho. Ndirande, Soche ndi Bangwe ndi mapiri amene nyumba zafika m'chiuno mwake, mitengo inatha, ndipo malata, misewu ndi mabwalo opondedwa salola madzi kulowa pansi. Mvula ikagwa paphiri, imatsika yonse nthawi imodzi m'makhwawa ndi m'ngalande zimene zina zadzaza majumbo ndi mabotolo. Nasolo, Mudi, Naperi ndi Likhubula akhoza kusintha kuchoka pa kamtsinje kodumpha n'kukhala mtsinje wokokolola khoma m'mphindi zowerengeka. Pa namondwe Freddy, m'mwezi wa Malichi 2023, matope ndi miyala yochokera m'phiri la Soche inatsikira ku Chilobwe anthu ambiri ali m'nyumba, mvula itagwa mosalekeza. M'dziko lonse, omwalira ndi osowa anaposa 1,000. Musakhalitse pa nkhani imeneyi, pakuti pagulupo pangakhale anamfedwa, ndipo palibe wa mu Blantyre amene akufunika kumuuza kuti Freddy anali wotani. Itchuleni kamodzi, mwaulemu, kuti mufike pa mfundo yake, yoti kuno munthu amasamuka kukuwala ndiponso madzi asanafike.

Chala chachikulu ndi "dziwa njira", ndipo apa mpamene ndikufuna muthere nthawi yaitali, mwina mphindi zisanu. Olankhula ambiri amangoti "thawirani kumalo okwera" n'kupitirira. Mawu amenewa ku Nsanje ndi abwino, koma ku Ndirande akhoza kupha, chifukwa malo okwera amene munthu akuwaona akatuluka pakhomo ndi phiri, komwe napolo amachokera. Malo abwino ndi amene ali pamwamba pa mtsinje, kunja kwa khwawa, osati m'munsi mwenimweni mwa phompho, ndipo munthu angafikeko osawoloka mlatho kapena ngalande yaikulu. Mfundo yomalizayi ndi imene makomiti amaiwala. Sukulu yaikulu ikhoza kukhala pafupi, koma ngati ili tsidya la Nasolo, siyothandiza anthu a tsidya lino pa usiku wa mvula. Choncho malo othawira akhale awiri, tsidya lililonse ake, ndipo muwatchule ndi maina amene anthu amawadziwa: tchalitchi chakuti, mzikiti wakuti, sukulu yakuti. Muyambe mwakambirana ndi eni malowo Loweruka lisanafike, mudziwe amene amasunga makiyi ndi amene angatsegule iyeyo akakhala kuti wachoka.

Tiyerekeze mdadada wa nyumba 14 zoyang'anana ndi mtsinje, zisanu ndi imodzi mwa izo za zidina, ndipo tchalitchi chimene mwasankha chili pa mtunda wa mamita 400. Munthu wamkulu wathanzi amayenda mtunda umenewu mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi masana. Tsopano muikepo agogo oyendera ndodo, mayi wobereka mwana kumsana wina atamugwira padzanja, mdima, njira yoterera ndi tinjira ta pakati pa mipanda timene tasanduka ngalande. Mphindi zisanu zija zafika 20. Ngati madzi amatenga mphindi 10 kuchokera pamene mtsinje wayamba kukokoma kufika pakhonde la nyumba yoyamba, ndiye kuti banja limeneli likadikira mkokomo lachedwa kale ndi mphindi 10. Masamu amenewa muwachite pamaso pa anthu, ndi mtunda weniweni wa kwanuko, mutauyenda nokha ndi wotchi. Amakhutiritsa kuposa kuopseza. Kenaka mugawe anthu: nyumba iliyonse imene muli wokalamba, wolumala, wodwala kapena mayi woyembekezera ikhale ndi mnansi wodziwika ndi dzina amene adzagogode ndi kuthandiza kunyamula. Mukangoti "tizithandizana," aliyense amaganiza kuti wina wapita kale.

Chamkombaphala ndi "manga thumba". Apa musachedwe, ingobwerani ndi thumba lenilenilo pamsonkhano n'kutulutsa zinthu chimodzichimodzi anthu akuona. Chiphaso cha unzika, mabuku a kuchipatala a onse a m'nyumba, masatifiketi a sukulu ndi mapepala a malo zilowe m'majumbo awiri omanga bwino. Mankhwala amene munthu amamwa tsiku ndi tsiku, otalikitsa moyo, a shuga, a kuthamanga kwa magazi, a khunyu, akhale okwanira sabata imodzi. Tochi, foni yotchaja, kandalama kochepa, chitenje kapena bulangete, zovala za ana, botolo la madzi akumwa ndi mapaketi a Thanzi. Basi. Muyeso wake ndi wakuti munthu mmodzi alinyamule kumsana manja onse ali omasuka, pakuti manjawo ndi ogwirira ana. Lizikhala pa msomali pafupi ndi chitseko kuyambira Novembala mpaka Epulo, osati pansi pa bedi pomwe madzi amayambira. Wina adzafunsa za wailesi yakanema ndi matumba a chimanga. Yankho ndi lakuti zimenezo zimakwezedwa pamwamba kapena kukasungitsa kwa achibale chenjezo likangomveka, masana, osati pa nthawi yothawa.

Chala chapakati, "tchera khutu", ndi chimene chimavuta kuphunzitsa, chifukwa anthu amafuna muwauze chizindikiro chimodzi, pamene zilipo za mitundu iwiri. Mtundu woyamba ndi uthenga wa nthambi yoona zanyengo ndi wa nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA, umene umamveka pa wailesi ndi m'mafoni. Namondwe ngati Idai wa 2019, Ana wa 2022 kapena Freddy amaonedwa akadali pa nyanja yamchere, ndipo chenjezo limatuluka patatsala masiku. Limeneli ndi lokonzekera: kutchaja mafoni, kukweza katundu, kutsegula ngalande, kupititsa agogo ndi ana aang'ono kwa achibale a kumalo otetezeka. Koma uthenga wotere umanena za chigawo kapena maboma, sungakuuzeni za khwawa la kuseri kwa nyumba yanu. Apo mpamene pakufunika mtundu wachiwiri, zimene maso ndi makutu anu akuona.

Nenani momveka kuti tsiku loopsa kawirikawiri si loyamba. Mvula ya tsiku loyamba nthaka imamwa. Ikapitirira usana ndi usiku, dothi la paphiri limakhuta, limalemera ndipo limasiya kugwirana ndi thanthwe la pansi pake, kotero kuti mvula yamphamvu ya ola limodzi pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu imachita zimene sikanachita pa nthaka youma. Zizindikiro zake ndi izi, ndipo ndi bwino kuzinena ngati nkhani osati ngati mndandanda: madzi ayamba kutumphuka pansi pamalo pamene sipanakhalepo kasupe, pabwalo kapena pakhoma paoneka mng'alu watsopano, chitseko chimene chimatseguka bwino chayamba kukakamira, mtengo kapena pholo lamagetsi lapendekeka, mtsinje wada bii ndipo wayamba kubweretsa nthambi ndi miyala. Pali china chimene chimapusitsa anthu ambiri. Mtsinje ukaphwera mwadzidzidzi mvula ikugwabe, si kuti zinthu zayamba kukhala bwino. Ndiye kuti kumtunda kwatsekeka ndi dothi, mitengo kapena zinyalala, madzi akuunjikana, ndipo chotsekacho chikaphulika abwera onse pamodzi. Nyumba za zidina zili ndi chizindikiro chakechake: khoma likanyowa kuchokera pansi n'kuyamba kufewa kapena kutupa, m'nyumbamo musagone munthu, ngakhale mtsinje uli kutali. Pa mvula ya mu Januwale 2015 komanso pa Freddy, makoma onyowa anagwera anthu m'malo amene madzi a mtsinje sanafikeko.

Kuti zimenezi zisangokhala nzeru za m'mutu, komiti ikhale ndi lamulo limodzi logwirizana, ndipo mulinene pamsonkhano kuti onse avomere. Ine ndimalangiza chonchi: ngati pali chenjezo la mvula yamphamvu, ndipo mvula yagwa usiku wonse ndi tsiku lonse osaleka, mabanja a mzere woyamba wa m'mbali mwa mtsinje, a m'khwawa ndi a m'nyumba za zidina zonyowa akagone kumalo othawira, anyamuke isanakwane 5 koloko madzulo. Ena onse agone atavala, ndipo anthu awiri asinthane kulondera ndi tochi, ataima pamalo okwera, osati pamlatho. Mukapaka utoto pa chipilala cha mlatho, wachikasu pamene madzi ayamba kudetsa nkhawa ndi wofiira pamene atsala pang'ono kudumpha gombe, olondera sakangana kuti madzi akwera kapena ayi. Chizindikiro chodzutsira anthu chikhale chimodzi ndipo chisafanane ndi cha akuba kapena cha maliro. Wezulo woimba katatu motalika, kubwerezabwereza, amakwanira, ndipo chitsulo cholendewera chimamveka bwino pa phokoso la mvula pa malata. Foni musaidalire yokha, chifukwa magetsi ndi netiweki zimathawa nthawi yomweyo imene mukuzifuna.

Tsiku lina mudzasamutsa anthu, n'kucha madzi osafika. Zimenezi muzinene nokha Loweruka, anthu asanadzakunenereni. Auzeni kuti pa nthawi zingapo zimene adzagone kutchalitchi, zambiri adzabwerera n'kupeza nyumba ili bwinobwino, ndipo kumeneko si kulakwa kwa komiti, ndi mmene lamuloli limagwirira ntchito. Komiti imene sinanene izi poyamba imamveredwa kamodzi kokha. Muyankhenso nkhani ya akuba, pakuti ndi imene imasunga abambo ambiri m'nyumba, osati kusamva. Gwirizanani ndi achitetezo cha m'mudzi kuti anyamata olondera mtsinje aja aziyang'aniranso mzere wa nyumba zosiyidwa, ataima pamalo otetezeka. Bambo amene akudziwa kuti pali diso pa chitseko chake savuta kunyamuka.

Chala chachinayi ndi "zimitsa, nyamuka". Ngati pansi ndi pouma ndipo nthawi ilipo, munthu azimitse swichi yaikulu ya magetsi, azimitse mbaula, atseke gasi ngati alipo, atenge thumba, atseke chitseko. Ngati madzi alowa kale, asakhudze swichi kapena soketi ataima m'madzi, angotuluka. Ngati wamva mkokomo wochokera kuphiri, wangati malole a miyala akukhuthula, palibenso za swichi kapena thumba. Matope otsika m'khwawa amathamanga kuposa munthu, ndiye kuthawira kumunsi motsata njira yake ndi kuthamanga nawo mpikisano umene sungapambane. Munthu athawire cham'mbali, kutuluka m'khwawa kulowera kumtunda wa pambali. Apa imirirani, mulozere phiri, mulozere khwawa, muonetse ndi thupi lanu kumene kuli cham'mbali.

Za kuwoloka muzinene ndi miyeso ya pathupi, chifukwa masentimita saoneka usiku. Madzi othamanga a masentimita 15, ongopitirira pang'ono kakolo, amatha kugwetsa munthu wamkulu. A masentimita 30, osafika n'komwe m'mawondo, amayandamitsa galimoto yaing'ono, ndipo a masentimita 60 amakokolola ngakhale zikuluzikulu. Njinga ya kabaza siyofunika kuitchula. Madzi akuda amabisanso ngalande zopanda zivundikiro, maenje a zimbudzi ndi mawaya amene agwa. Lamulo likhale losapatula: mlatho ukamira, palibe wowoloka, kaya wapansi, kaya wa minibasi. Amene madzi amupezera ku Limbe kapena m'tauni agone komweko. Makolo auzenso ana a sukulu kuti mtsinje ukadzaza adikire kusukulu, sadzakalipiridwa chifukwa chochedwa. Ana ambiri amalowa m'madzi poopa mkwapulo wa kunyumba.

Chaching'ono ndi "werenganani". Pofika kumalo othawira, mutu wa banja uwerenge anthu ake, ndipo mtsogoleri wa mdadada aitane nyumba imodziimodzi kuchokera m'kaundula. Kaundulayo mulembe panopa, ndipo mulowe alenti onse, chifukwa ku Ndirande anthu amasamuka mwezi ndi mwezi ndipo wobwera kumene sadziwa kuti khwawa louma la kuseri kwa nyumba yake limakhala mtsinje. Wina akasowa, auzidwe a komiti, amfumu ndi apolisi, osati mayi ake abwerere okha mumdima. Anthu amafa pobwerera, kukatenga mbuzi, ndalama kapena mwana amene anali kale m'manja mwa mnansi. Ndipo mvula ikaleka si ndiye kuti phiri lauma. Dothi lokhuta likhoza kugumuka patapita maola kapena tsiku dzuwa likuwala, choncho wonena kuti tibwerere akhale mmodzi, wa komiti, atakaona makoma ndi ming'alu masana.

Pa chala chomwechi mulumikizepo madzi akumwa, mwachidule. Kusefukira kumadzaza zimbudzi zokumba n'kuthira zonsezo m'zitsime, ndipo mapaipi a Blantyre Water Board akaduka anthu amatunga paliponse. Freddy anafika dziko lili kale pa mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, umene unapha anthu oposa 1,700. Madzi onse akumwa awiritsidwe mpaka kubwata, kapena athiridwe kolorini motsata muyezo wa pabotolo kapena wa alangizi a zaumoyo, n'kudikira mphindi 30 asanamwedwe. Akakhala amatope, ayambe adikha ndi kusefedwa pa nsalu yoyera, popeza kolorini sagwira bwino m'madzi akuda. Wotsegula m'mimba mwamadzimadzi ayambe kumwa Thanzi, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, ali m'njira yopita kuchipatala.

Mukawerengera, mfundo yoyamba ija yatenga mphindi ziwiri, zala zisanu zatenga pafupifupi 13, ndipo zatsala zisanu. Zimenezi musaziwononge pa mafunso a za thandizo la ufa ndi malata, ngakhale adzabwera ndithu. Auzeni kuti amenewo muwayankha pambali ndi akhansala. Mphindi zisanuzo ndi zoti anthu alankhule okha. Kwezani dzanja, onse akweze, munene zala zonse pamodzi katatu. Kenaka musakanize: gwirani chapakati n'kufunsa mayi wa kumbuyo kuti chimati chiyani, funsani mnyamata kuti chimabwera chisanafike "zimitsa, nyamuka" ndi chiyani. Funso loti "mwamva?" musalifunse, aliyense amati eya. Funsani kuti, "Bambo, inu a nyumba ya pafupi ndi mlatho, wezulo walira 2 koloko usiku, mutulukira khomo liti ndipo mukhotera kuti?" Akayankha molakwa, mwapeza pamene nkhani yanu sinamveke, ndipo mukonze pomwepo mosamuchititsa manyazi. Mawu a zalazo musawasinthe ngakhale pang'ono, Loweruka lino, kutchalitchi, kumzikiti kapena kusukulu. Wina akati "konza chikwama" wina "manga thumba," anthu amayesa ndi malangizo awiri.

Msonkhano ukatha, pemphani amfumu kuti gulu lisabalalike, muyende nalo njira ija kuchokera pa nyumba yotsikitsitsa kukafika pakhomo la malo othawira, agogo ndi ana ali momwemo, wina atagwira wotchi. Poyenda mudzapeza zimene sizioneka muli pansi pa mtengo: mpanda watsopano umene watseka kanjira, ngalande yopanda chivundikiro, geti la tchalitchi lokhoma ndi loko amene kiyi wake ali ndi munthu wokhala tsidya lina. Zimenezo mulembe, mupatse munthu aliyense chake chokonza ndi tsiku lake, ndipo ulendo womwewo mudzaubwereze madzulo kuli chisisira kumayambiriro kwa Januwale, pamene nthaka yayamba kukhuta ndiponso alenti atsopano alowa.